Wopanga pulogalamu akufuna ndisayine lipoti loti taiyesa, ndilembemo chiyani?

Funso: Achimwene, ndine manejala wa kabungwe ka ngongole ku Kasungu. Tinalemba mnyamata kuti atipangire pulogalamu yosungira ngongole za mamembala. Wabweretsa fomu ya UAT, yotsimikiza kuti pulogalamuyo taiyesa ndipo tailandira, akuti ndisayine kuti tamulipire ndalama zotsala. Anatiwonetsa pa laputopu yake ndipo zonse zimayenda. Ndisayine? Nanga m'mizeremo ndilembe chiyani?

Yankho: Mayi, cholembera chiikeni kaye pansi. Zimene munaona pa laputopu yake chinali chionetsero, kuyesa simunayambe. Iye amadziwa njira yopanda minga ndipo ndi imene anakudutsitsani. Oyesa akhale anthu anu, makamaka kalaliki amene azidzaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, pa kompyuta ya mu ofesi mwanu momwemo, ndi pirinta yanu, ndi netiweki yanu yovutavutayo. Mnyamatayo akhale pambali, manja m'thumba.

Fomuyo sindinaione, koma ndikudziwa pamene ilumire. Mzere wa Expected result, womwe ndi wa zimene mukuyembekezera, mwina ndi wopanda kanthu kapena walembedwa kuti "zikuyenda bwino". Malipoti ambiri amene ndakumana nawo amafera pamenepa. Anthu amadina batani, n'kuona nambala imene yatuluka pa sikirini, n'kuikopera m'mizere yonse iwiri, wa zoyembekezera ndi wa Actual result, wa zimene zatulukadi. Mukatero ndiye kuti pulogalamu yadzichongera yokha mayeso. Mzere wa zoyembekezera muudzaze kompyuta isanayatsidwe, ndi kalikuleta ndi buku lanu lakale la ngongole, ndipo mukhale manambala enieni mpaka matambala.

Tiyeni titenge ngongole imodzi. Tinene kuti membala wabwereka K100,000, chiwongoladzanja ndi 5% pamwezi, abweza pa miyezi itatu. Ngati malamulo a bungwe lanu amati chiwongoladzanja chiwerengedwe pa ndalama yonse imene anabwereka, ndiye ndi K5,000 mwezi uliwonse, K15,000 pamodzi, ndipo yobweza yonse ndi K115,000. Lembani zimenezo. Pulogalamu ikatulutsa K110,162.57, musati yasokonekera mutu. Ikuwerengera pa ndalama yotsala mwezi ndi mwezi, imene ndi njira ina yodziwika bwino, kungoti si yanuyo. Wopanga anangoganiza yekha osakufunsani. Kusiyana kwake ndi pafupifupi K4,837 pa ngongole imodzi yokha, ndipo mukadakopera nambala ya pa sikirini simukadaona kanthu mpaka tsiku logawana phindu.

Koma pamene ine sindichokapo msanga ndi pa kubweza komaliza. Gawani K115,000 patatu, mupeza K38,333.33. Chulukitsaninso katatu, mupeza K114,999.99. Tambala imodzi yatsalira. Munthu pa buku amangoinyalanyaza, koma kompyuta siiwala. Ndiye muuzeni kalaliki alowetse malipiro onse atatu, limodzi limodzi, monga mmene membala angalipirire, kenako mutsegule akaunti ya membalayo. Yang'anani ngati ngongole yatsekedwa kapena ikuonekabe yotsegula ndi K0.01. Yang'ananinso ngati dzina lake likutuluka pa mndandanda wa amene sanamalize kubweza. Kenako pemphani mnyamatayo asunthe deti la m'pulogalamu yoyeserayo lifike mwezi wotsatira, muone ngati siikumuika chindapusa chochedwa chifukwa cha tambala imeneyo. Yesaninso kumupatsa ngongole yatsopano, chifukwa mapulogalamu ambiri amakana munthu amene ali ndi ngongole yotsegula.

Ndinaziona pa bungwe lina kumene anandiitana patapita miyezi atasayina kale. Mayi wina wogulitsa nyemba anaima pa windo ndi marisiti ake atatu m'kapepala ka pulasitiki, kalaliki akumuuza kuti kompyuta ikuti ali ndi chindapusa. Titafufuza tinapeza kuti ngongole iliyonse yosagawika bwino patatu inali ndi vuto lomwelo. Pa lipoti lawo, mzere wa kubweza ngongole unali ndi Pass, chifukwa anayesa malipiro oyamba okha. Kukonza kwake n'kosavuta, malipiro omaliza azikhala chilichonse chimene chatsala, apa K38,333.34, koma kuyeretsa maakaunti amene anali atadetsedwa kale kunatidyera masiku.

Mzere umodzi wa lipoti uzioneka chonchi:

```
TC-07 | v1.3
Steps: K38,333.33, K38,333.33, K38,333.33
Expected result: K0.00, Closed
Actual result: K0.01, Active
Status: Fail
```

Pambali pake pakhale deti, dzina la amene wayesa, ndi chithunzi cha sikirini. Kujambula ndi foni kukukwanira. Nambala ya yeso ngati TC-07 ndi yoti mukamakambirana pa foni musamanene kuti "kaja kanavuta kaja". Ndipo yeso limodzi likhale la chinthu chimodzi. Mukaunjika kulembetsa membala, kumupatsa ngongole ndi kusindikiza risiti mu mzere umodzi, chimodzi chikakanika mudzasowa cholemba. Palibenso za "zayenda pang'ono": ndi Pass, Fail, kapena Blocked ngati simunathe kuyesa chifukwa china chinakutsekerezani.

Zina zoyesa ndingozitchula. Ngongole yotengedwa pa 31 Januwale, deti lobwezera la mu Febuluwale likugwera pati? Kalaliki akadina batani losungira kawiri netiweki ikuchedwa, malipiro alowa kawiri? Zimitsani kompyuta pa soketi ali pakati polowetsa malipiro, muone chimene chatsala mukayatsa. Kalaliki ayese kufufuta malipiro kapena kusintha chiwongoladzanja ndi akaunti yake, ayenera kukanidwa. Ndipo ngati kompyuta ya pa windo ndi ija yakale yogula motchipa imene imatenga mphindi zisanu kuti iyake, musadzanamizire pulogalamu, lembani padera kuti vuto ndi makina anu.

Tsopano siginecha. Kusayina ndi kunena kuti mwalandira ntchito, ndipo kawirikawiri pambuyo pake chilichonse chimene mungapeze adzakuuzani kuti ndi ntchito yatsopano yolipira. Onani pangano lanu likuti chiyani pamenepo. Fail iliyonse yokhudza ndalama kapena yoti wina angalowe posayenera, osasayina mpaka atakonza. Zing'onozing'ono, monga dzina la bungwe lolembedwa molakwika pa risiti, mungasayine koma mutazilemba pa tsamba lomwelo ndi deti lodzakonzera, ndipo kagawo ka ndalama katsale mpaka atatero.

Akabweretsa yokonzedwa, nambala ya pulogalamu isinthe, tinene kuchoka pa v1.3 kufika pa v1.4, ndipo mzere wa Fail uja musaufufute, onjezani wina pansi pake. Mubwerezenso mayeso onse a ndalama, osati okhawo amene anakanika, chifukwa pokonza tambala ija akhoza kugwedeza chiwongoladzanja. Tsamba losayinira linene nambala ya pulogalamu imene mwayesa, kuchuluka kwa mayeso amene adutsa ndi amene akanika, ndi deti. Asayine kalaliki amene anayesa, msungichuma amene anawerengera manambala, inuyo, ndiyeno mnyamatayo pomalizira, aliyense atenge kope lake. Pa tsiku loyamba ntchito, tsegulani pulogalamu muone ngati nambala ili pa sikirini ndi yomweyo imene munasayinira, komanso ngati mamembala ongopeka amene mumayesera aja achotsedwamo.