Nkhondo ya rimoti ku Matawale

"Kodi dzulo ndikuimba foni muja phokoso limamveka kumbuyo lija linali la chani? Ana aja amamenyana?"

Ayi achemwali sanamenyane, inali nkhani ya filimu basi. Mwana wanu wamkaziyu anapatsa mchimwene wake ndalama ndi fulashi kuti apite ku Chinamwali akamuikitsire filimu ya chinaijeriya ija ya chikondi, ya mapati awiri. Mnyamata kupita kuja waikitsadi, koma chenji yotsala waikitsira yake ya karate yomasulira m'Chichewa, ndiye woika mafilimu uja anangowaonjezera ina ya chimwenye ya banyira.

Tangotha kudya nsima cha m'ma 6 koloko zayambika. Wamkazi akuti ndalama ndi zanga fulashi ndi yanga tiyamba yanga, wamwamuna akuti anayenda wapansi dzuwa lonse lija ndine, inu munangokhala pakhonde kumangitsa tsitsi. Rimoti ili m'manja mwa mtsikana, mabatire ali m'thumba la kabudula wa mnyamata, TV yangoyaka buluu palibe woonera. Bambo awo anati ponyani kobiri, kugwa mbali ya mtsikana, mnyamata akuti ayi yagunda mwendo wa tebulo siiwerengedwa, eee mpaka 8 koloko.

Ine zinandikhudza pomwe mnyamata anayamba kulengeza misozi, ndinamuitanira kukhitchini nkumufunsa bwinobwino. Akuti amayi za chinaijeriya zija amayankhula chizungu chothamanga sindimva, achemwali akamaseka ndikafunsa kuti wati chani amandiuza kuti khala chete. Mwamva? Nkhani yonse inali pamenepo, mwana amaopa kukhala yekha pakati pa anthu akuseka. Mtsikana nayenso anali ndi chifukwa chake chomveka, akuti za karate zija ndi zibakera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nkhani yake osaiona.

Ndinangomuuza mtsikana zomwe wanena mlongo wake, sindinagamule. Anakhala duu kanthawi, kenako yekha anati tabweretsa mabatirewo tione ya chimwenyeyi kuti ndi yotani. Kutsegula, yomasulira m'Chichewa, womasulirayo nthabwala zake zosatha, muli mnyamata akumenyana ndi zigawenga khumi pamsika, mulinso ukwati wokanizidwa ndi makolo, nyimbo ndi magule osanena. Anagwirizana kuti pa nyimbo mnyamata asathamangitse, pa ndewu mtsikana asadandaule, rimoti ikhale patebulo pakati.

Mukudziwa kutalika kwa za chimwenye, pafupifupi maola atatu, inatha cha m'ma 11 ndipo ndinawalola poti linali Lachisanu. Mayunitsi a magetsi anatsala pang'ono moti ndinathimitsa mababu onse kuti ifike kumapeto. Ya chinaijeriya ija akuti aonera Lamlungu tikabwera kutchalitchi, mtsikana walonjeza kuti azimumasulira pomwe sakumva, ya karate ikhala ya sabata yamawa. Mukamabwera mutitengereko mabatire ang'onoang'ono aja a rimoti, awa afooka.