Kuchotsa munthu wodutsa pa chithunzi cha tsiku la msika

"Ndinajambula amayi anga ataima pakhomo pa golosale yawo ku Ulongwe, koma kumbuyo kukuoneka bambo wina akukankha njinga, ndipo mkono wake wakhudzana ndi phewa la amayi. Ndikamufufuta ndi Content-Aware Fill mu Photoshop, pamalopo pakumera mitu ya anthu ndi zidutswa za matayala. Ndichite bwanji?"

Achimwene, chida chimenechi sichidziwa zimene zinali kuseri kwa bamboyo. Chimangotola tizidutswa ta chithunzi chomwecho n'kutimata pamalo amene mwasankha, ndipo pa msewu wodzaza anthu zimene chimapeza pafupi ndi anthu enanso. Choncho ntchito yanu ndi kuchiuza kumene chizitola.

Yambani ndi paphewapo, chifukwa mpovuta kuposa pena paliponse. Tsegulani leya yatsopano, sankhani Clone Stamp Tool, ndipo pa Sample muike Current & Below kuti chithunzi choyambirira chisakhudzidwe. Zungulizani phewa la amayi ndi Pen Tool, musandutse mzerewo kukhala malo osankhidwa, kenako mutembenuze ndi Select > Inverse, kuti bulashi isalowe pa nsalu yawo. Bwererani ku Clone Stamp, ndipo mutagwira Alt, dinani pa khoma loyera lapafupi, ndipo mupake pa mkono wa bamboyo mpaka pakati pa iye ndi amayi patseguke kampata. Mukapanda kutero, mtundu wa bulauzi ya amayi udzayenderera pakhoma.

Mukafufuta malire oyambawo, zungulizani bamboyo ndi njinga yake pogwiritsa ntchito Lasso Tool, kusiya danga la mapikiselo 5 mpaka 10 m'mbali, ndipo musaiwale chithunzithunzi chake pansi, pakuti ambiri amagwidwa ndi chimenechi. Mukatsegula Edit > Content-Aware Fill mudzaona mbali zina zapakidwa zobiriwira. Kumeneko ndi kumene chidacho chikutola, ndipo popeza muli pa leya yatsopano ija, yatsani Sample All Layers kuti chizitolanso pa chithunzi choyambirira. Fufutani zobiriwirazo pa anthu onse, pa amayi ndi pa katundu wa pakhonde, kuti zitsale pa khoma ndi pa dothi pokha. Ine ndimadzaza khoma palokha ndi dothi palokha, chifukwa zikaphatikizidwa fumbi limakwera pa njerwa.

Zotsala zimafuna Clone Stamp ndithu. Ngati mizere ya njerwa yathyoka, tolani ndendende pa mzere wa simenti n'kuyamba kupaka pa mzere womwewo, Aligned ali woyatsa. Muzisintha potola pafupipafupi, chifukwa mwala umodzi ukaoneka katatu pa dothi, aliyense adziwa kuti pakonzedwa. Potola pakhalenso pa mtunda wofanana, popeza njerwa zakutali zimaoneka zazing'ono.

Pali malire ake. Ngati bamboyo waphimba zilembo za pachikwangwani cha golosale, palibe pozitola, pokhapokha mutakhala ndi chithunzi china chojambulidwa pamalo omwewo iye atadutsa. Chikakhalapo, sanjani ziwirizo ndi Edit > Auto-Align Layers, ndipo muvundukule chikwangwani chenichenicho ndi Layer Mask.