Ntchito ya pakompyuta ndi ana aang'ono pakhomo

"Ndimalemba malipoti ndili kunyumba, ndili ndi ana a zaka 2 ndi 4. Nthawi ndiigawe bwanji?"

Amayi, ntchito yofuna kuganiza muiike m'zigawo ziwiri zokha: m'mamawa 5 koloko mpaka 6:30 ana asanadzuke, kenako masana wamng'onoyo akagona atadya nsima. Mauthenga ndi mafoni muzichita ana akusewera pafupi.

Ine ndinkagawa tsiku lonse ola ndi ola, koma mwana akangotaya phala dongosolo lonse linkasokonekera. Tsopano chigawo chamasana ndimachiyamba mwana akagona, osati wotchi ikakwana. Wamkuluyo ndimamupatsa makrayoni omwe amatuluka nthawi imeneyo basi.

Osamadula tulo kuti mukwanitse zimenezi. Ngati kutopa sikukutha ngakhale mwagona, kaonaneni ndi adokotala.