Mtengo wa sheya ya kampani yomwe ikukula mofulumira lero koma idzakhazikika m'tsogolo

Wowerenga wina wandilembera kuti: "Kampani ina inalipira dividendi ya 10 pa sheya iliyonse chaka chathachi, ndipo dividendiyo ikukula ndi 20 peresenti pachaka. Ine ndikufuna phindu la 12 peresenti. Nditagwiritsa ntchito fomula ya Gordon ndapeza mtengo wa −150. Kodi ndalakwitsa pati?"

Masamu anu ali bwino, koma fomulayo mwaisenzetsa katundu amene siingathe kunyamula. Fomula ya Myron Gordon, `P0 = D1 / (r − g)`, momwe P0 ndi mtengo wa sheya lero ndipo D1 ndi dividendi ya chaka chamawa, imatenga kuti dividendi idzakula pa mlingo umodzimodzi mpaka kalekale, ndipo imagwira ntchito pokhapokha ngati mlingo wa kakulidwe, g, uli wochepa poyerekeza ndi phindu limene mwini sheya akufuna, r. Palibe kampani imene ingakule ndi 20 peresenti chaka ndi chaka osalekeza, chifukwa tsiku lina ingadzapose chuma chonse cha dziko. N'chifukwa chake moyo wa kampani timaugawa pawiri, zaka zochepa zokula mofulumira, kenako zaka zonse zotsatira pamene kakulidwe kakhazikika.

Tiyerekeze kuti kuthamangako kutenga zaka zitatu, ndipo pambuyo pake dividendi izikula ndi 5 peresenti basi. M'gawo loyamba timawerengera dividendi ya chaka chilichonse payokha: 12 chaka choyamba, 14.40 chachiwiri, ndi 17.28 chachitatu. Popeza ndalama yobwera mochedwa siifanana mphamvu ndi imene ili m'manja, iliyonse timaibweretsa ku lero poigawa ndi 1.12 kamodzi pa chaka chilichonse chodikira. Zotsatira zake ndi 10.71, 11.48 ndi 12.30, ndipo zonse pamodzi zikukwana 34.49.

Kumapeto kwa chaka chachitatu kampani yakhazikika, choncho fomula ya Gordon tsopano ikuloledwa. Dividendi ya chaka chachinayi ndi 17.28 kuchulukitsa ndi 1.05, zomwe zikupereka 18.144, ndipo tikaigawa ndi 0.07, kusiyana kwa 12 ndi 5 peresenti, tikupeza 259.20. Umenewu ndi mtengo wa sheya pakutha pa chaka chachitatu, osati lero, kotero nawonso tiugawe ndi 1.12 katatu kuti ukhale 184.49. Tikaphatikiza ndi 34.49 uja, sheyayo ikuyenera kugulidwa pa mtengo wa pafupifupi 219.

Pamalire a magawo awiriwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Poona kuti agwiritsa ntchito dividendi ya chaka chachinayi, amagawa 259.20 ndi 1.12 kanayi, ndipo mtengo umatsikira pafupi ndi 199. Kumbukirani kuti fomulayi nthawi zonse imapereka mtengo wa chaka chimodzi dividendi yomwe mwaikamo isanalipidwe. Njira yodziyesera ndi yosavuta: 259.20 akapindula 12 peresenti kwa chaka chimodzi amafika 290.30, ndipo ameneyu ayenera kufanana ndi dividendi ya 18.144 kuphatikiza mtengo wa sheya umene wakula ndi 5 peresenti, womwe ndi 272.16. Ziwirizi zikugwirizanadi.

Koma chimene ndikufuna muchiganizire mozama ndi ichi, chifukwa ndaona chikusocheretsa anthu odziwa bwino masamu. Pa 219 yense uja, 184.49 akuchokera ku gawo lachiwiri, kutanthauza pafupifupi 84 peresenti ya mtengo wonse. Zaka zitatu zothamanga, zomwe ndi zimene zinakukopani, zikubweretsa gawo laling'ono chabe la ndalama mwachindunji, ngakhale kuti ndi zomwe zikukweza dividendi imene gawo lachiwiri likuyambirapo. Mukangosintha kakulidwe kokhazikika kuchoka pa 5 kufika pa 7 peresenti, nambala yogawira imachepa kuchoka pa 0.07 kufika pa 0.05, ndipo mtengo wa sheya umalumpha kufika pafupifupi 298, ngakhale kuti palibe chilichonse chasintha pa kampaniyo. Pa chifukwa chimenechi, ine sindilola kuti g wa gawo lachiwiri apose mlingo umene chuma cha dziko chingakulire kwa nthawi yaitali, kukwera mitengo kwa zinthu kuli momwemo.

Onetsetsaninso kuti g ameneyu akugwirizana ndi phindu limene kampani ikusunga. Kakulidwe kamachokera ku gawo la phindu losagawidwa kuchulukitsa ndi zimene ndalama za eni masheya zikupindula m'kampanimo. Ngati zikupindula 12 peresenti, kukula ndi 5 peresenti kukufuna kusunga pafupifupi 42 peresenti ya phindu, ndipo 58 peresenti yotsalayo ingagawidwe. Kampani yothamanga kawirikawiri imagawa zochepa kuposa pamenepa, choncho ngati yanuyo panopa ikugawa 30 peresenti yokha, dividendi ya chaka chachinayi muiwerengere kuchokera ku phindu la chaka chimenecho, osati pongochulukitsa 17.28 ndi 1.05, apo ayi mtengo umene mupeze ukhala wotsika kwambiri.