Mayeso a medisini ayandikira koma wodi sikukupatsani mpata? Werengani kuchokera pa wodwala mmodzi

"Akuluakulu ndithandizeni. Ndikuphunzira ukilinishani ndipo ndili pa rotesheni ya medisini kuno ku Salima. Mayeso atsala masabata atatu. Laundi imatha masana, kenako kulandira odwala atsopano, masiku ena kugona pa kolo. Ndikafika kunyumba n'kutsegula buku, tulo basi. Ndiwerenge bwanji?"

Achemwali, buku lalikulu lija lisiyeni kaye. Kuyamba pa mutu woyamba n'cholinga choti mukafike kumapeto m'masabata atatu sikutheka, ndipo okuyesani sadzakufunsani motsatira mitu ya m'buku. Adzakuimikani pa bedi la wodwala, mumufunse mbiri, mumupime, kenako munene chomwe mukuganiza ndi chomwe mungachite. Choncho tsiku lililonse sankhani wodwala mmodzi mwa omwe mwawalandira nokha, ndipo kuwerenga kwanu kwa tsikulo kukhale kwa iyeyo.

Tiyerekeze kuti mwalandira bambo wa zaka za m'ma 30, msodzi wa ku Senga Bay, wolemera makilogalamu 50. Gadiyani akuti thupi lakhala likutentha masiku anayi, mutu ukuwawa, ndipo kuyambira dzulo akungobwebweta. Kachipangizo koyezera malungo kaonetsa mizere iwiri. Mukamaliza kumuthandiza, tengani kope laling'ono la m'thumba mulembe mafunso atatu okha, omwe mukudziwa kuti akanakufunsani pa laundi mukanachita chibwibwi. Dzina la wodwala musalembe, ndipo failo yake musaijambule pa foni.

Funso loyamba likhale lakuti: kodi ndi malungo okha? Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwera. Kuno kunyanja anthu ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala kwenikweni, komanso kachipangizo kaja kamatha kuonetsabe mizere iwiri patapita masabata munthu atamwa kale mankhwala. Ndiye mizere iwiri sikutseka nkhani. Munthu wotentha thupi amene wasokonezeka mutu akhoza kukhala ndi matenda oumitsa khosi oyamba ndi mabakiteriya, kapena a kiriputokokasi, kapena a TB, kapenanso shuga wake watsika chabe. Akanakhala kuti wachokera kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, mukanaonjezapo kaodzera n'kufunsa ngati analumidwa ndi kashembe. Woyesa akamva mndandanda wotere amadziwa kuti mukuganizira wodwala wa kuno, osati wa m'buku.

Lachiwiri: ndipime chiyani, ndipo ndiyambe chiti? Shuga ndiye woyamba, chifukwa kuyeza kwake n'kwa mphindi imodzi ndipo akatsika amapha msanga. Pa malungo aakulu, pansi pa 2.2 mmol/L ndiye kuti watsika moopsa. Kenako sikelo ya Glasgow, ndipo muzitchula zigawo zake zitatu, maso, mawu ndi kuyendetsa thupi, osangoti "ali pa 10". Pimani khosi, yang'anani ngati mbali imodzi ya thupi yafooka, tumizani magazi ku labu kuti akaone tizilombo pa maikulosikopu ndi kuchuluka kwa magazi. Musaiwale HIV. Akapezeka nako ndipo CD4 ili pansi pa 200, pamafunika kuyeza kiriputokokasi m'magazi ndi TB mu mkodzo. Za kuchotsa madzi a pamsana, dziwani zomwe zimaletsa, ndipo dziwani kuti ngati kuchotsako kwachedwa, sefitiriyakisoni sadikira.

Lachitatu ndi mlingo wa mankhwala, ndipo apa gwiritsani ntchito MSTG, buku la malangizo a chithandizo ku Malawi, ndi malangizo ena a Unduna wa Zaumoyo, chifukwa mabuku akunja nthawi zina amatchula mankhwala omwe sitili nawo. Atesuneti wa mumtsempha ndi mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse. Kwa bambo wathu ndi 120, kutanthauza timabotolo tiwiri ta 60. Amalandira pomwe wafika, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24, kenako kamodzi pa tsiku ngati sakutha kumeza. Ngakhale atatsitsimuka msanga, milingo itatu yoyambayo imalizidwe, ndiye alandire LA yonse ya masiku atatu, mapiritsi anayi kawiri pa tsiku. Chitani masamuwo ndi dzanja lanu pa kulemera kwa wodwala weniweni. Nambala yomwe mwaiwerengera nokha n'kuilemba mu failo siithawa ngati yoloweza.

Mafunso atatuwa amangofuna theka la ola, ndipo nthawi yake ndi masana laundi ikangotha, musanachoke pachipatala. Ndikudziwa kuti kutentha kwa ku Salima masana sikocheza, komabe kuli bwino kusiyana ndi usiku, pomwe thupi latha kale. Madzulo ntchito yake ndi ina: tsekani buku, pezani mnzanu wa gulu lanu, mupulezente wodwalayo mokweza mawu m'mphindi zisanu, m'Chingerezi monga zidzakhalire pa mayeso. Mnzanuyo akudulireni ndi mafunso a "chifukwa chiyani". Ngati pamenepo mawu akusowa, ndiye kuti simunadziwe, munangozolowera kuona tsambalo. Kuwerenga mobwereza ndi kupaka mizere ya utoto kumanamiza kwambiri, chifukwa maso amazindikira zomwe pakamwa sipangathe kunena.

Ubwino wa wodi ndi woti wodwala uja mawa alipobe. Tinene kuti walandira atesuneti tsiku lathunthu koma sakusintha, mutu ukuwawabe, ndipo zotsatira zabwera zoti ali ndi HIV ndi kiriputokokasi. Phunziro la tsiku lachiwiri ladzibweretsa lokha: mankhwala ake, chifukwa chomwe timachotsera madzi a pamsana mobwereza kuti tichepetse kupanikizika m'mutu, ndi chifukwa chomwe ma ARV amadikira masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi m'malo moyamba tsiku lomwelo. Funso lomalizali oyesa amalikonda zedi.

Njirayi ili ndi malire ake. Wodi imakupatsani zomwe zabwera, osati zonse zomwe zili pa silabasi. Malungo, TB, chibayo, sitiroko, mtima wolephera, shuga, kuthamanga kwa magazi, ndi mimba yodzaza madzi chifukwa cha likodzo la m'matumbo mudzaziona ndithu. Koma matenda a chithokomiro kapena kuwerenga ECG mwina masabata atatu atha osakumana nazo. Lembani mitu yonse ya silabasi pa pepala limodzi, muzichonga womwe mwauona pa wodwala, ndipo Loweruka kapena Lamulungu lomwe simuli pa ntchito mulipereke ku mitu yosachongedwa pamodzi ndi mafunso a zaka zam'mbuyo.

Tsiku lotsatira kolo musawerenge chatsopano. Gonani, mukadzuka mungobwereza mafunso a masiku awiri apitawo osayang'ana mayankho. Ndipo musathawe laundi kuti mukawerenge, poti nthawi zambiri omwe amaiyendetsa ndi omwenso amasaina logibuku ndi kufunsa pa mayeso, ndipo zomwe amafunsa pa bedi ndi zomwezo. Sabata yomaliza, pemphani kilinishani wamkulu mmodzi kuti akuonereni mukupima chifuwa, mtima, mimba ndi mitsempha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akukuwerengerani nthawi. Mupempheni lero, chifukwa sabata imeneyo anzanu onse adzakhala akumufunanso.