Ng'ombe ikayamba kutafuna mafupa

"Ng'ombe zanga zikumanyambita dothi, ndipo ziwiri zoyamwitsa zikumatola mafupa kubusa n'kumatafuna. Msipu ulipo wambiri koma zikuwonda, sizikutenganso bere. Kodi ndi matenda?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Zimene mwaonazo ndi njala ziwiri zosiyana. Kunyambita dothi, zipilala za khola kapena thukuta la inzake nthawi zambiri ndi njala ya mchere. Koma kutafuna mafupa kumaloza ku njala ya fosiforasi, chakudya chomanga mafupa, amene udzu womera pa dothi losauka umakhala naye wochepa, ngakhale uoneke wobiriwira bwanji. Zoyamwitsa ndizo zimayamba kuvutika chifukwa fosiforasi amatuluka ndi mkaka tsiku lililonse. Thupi limayamba kumutenga m'mafupa ake omwe, ndiye mumaona ng'ombe ikuyenda mouma miyendo ndi kuchedwa kufuna nkhunzi.

Chimene chimandiopsa ine ndi mafupa otolawo. M'zotsalira za nyama yowola mumakhala poizoni wa botulizimu. Ng'ombe ikamudya imafooka miyendo yakumbuyo, imagona osadzukanso, lilime lili lende, ndipo zambiri sizichira. Choncho lero lomwe yendani m'busamo, mutole mafupa onse ndi kuwatentha.

Chothandiza ndi chonyambita chosakaniza mchere ndi ufa wa mafupa, koma musayambe ndi chosakanizacho. Kwa milungu iwiri ikani mchere wokha, pang'onopang'ono, madzi akumwa ali pafupi. Ng'ombe yomwe yakhala nthawi yaitali osalawa mchere imaudya mwaphuma, ndipo ikasowa madzi mcherewo ukhoza kuipha. Phuma likatha, sakanizani ufa wa mafupa ndi mchere muyezo wofanana pa sikelo. Mchere ndi umene umaikopa komanso kuiletsa kudya mopitirira.

Tiyerekeze muli ndi ng'ombe zazikulu khumi. Iliyonse ikamadya magalamu 100 patsiku, ndiye kilogalamu imodzi patsiku kwa zonse, makilogalamu 7 pamlungu. Theka lakelo ndi ufa wa mafupa, kotero iliyonse ikupeza fosiforasi pafupifupi magalamu 6. Yezani zimene mwaika ndi zimene zatsala pakutha pa mlungu. Ngati zikungonunkhiza n'kuchoka, chepetsani mchere, ufa ukhale magawo awiri, mchere gawo limodzi. Chodyeramo chikhale ndi kadenga, apo ayi mvula idzasungunula mchere n'kusiya phala lonunkha. Chikhalenso chachitali mokwanira kuti zambiri zidyere pamodzi, chifukwa zamphamvu zimathamangitsa zofooka, zomwe ndizo zikufunikira kwambiri.

Mafupa aawisi osinja musayerekeze, amafalitsa matenda a anthirakisi ndi botulizimu yemweyo. Gulani ufa wophikidwa ndi nthunzi, kapena otchani mafupa mpaka ayere mbee, kenako musinje. Mufunsenso alangizi a ziweto za lamulo, poti mayiko ambiri analetsa kudyetsa ng'ombe ufa wa mafupa chifukwa cha matenda a misala ya ng'ombe. Kumeneko amagwiritsa ntchito ufa wina wotchedwa daikashiamu fosifeti, yemwe ali ndi fosiforasi wochulukirapo.

Phindu lake limaoneka bwino nyengo ya mvula. M'chilimwe udzu ukauma, chosowa chachikulu chimakhala mapuloteni, ndipo chonyambitachi pachokha sichingabweze mnofu.