Lupanga lotema, lupanga lobaya ndi zovala zachitsulo

Funso: "Kodi malupanga akale a ku Ulaya ankathadi kudula zovala zachitsulo zija ankavala asilikali, kapena ndi zam'mafilimu chabe?"

Lupanga silinkadula chitsulo chosulidwa bwino, ndipo ankhondo a nthawi imeneyo ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake maonekedwe a lupanga ankasintha pamene zovala zodzitetezera zinkasintha.

Cha m'ma 1000 mpaka m'ma 1200, msilikali wachuma ankavala malaya opangidwa ndi timphete tachitsulo tolowanalowana, tambiri mwa ito totsekedwa ndi timisomali, ndipo m'kati mwake munkakhala chovala chochindikala. Anthu wamba ambiri ankapita kunkhondo ndi chishango ndi chisoti basi. Lupanga la nthawi imeneyo linali lotema: lotambalala, lopyapyala, lakuthwa konsekonse, nsonga yake yosasongoka kwambiri, ndipo pakati pake pankadutsa ngalande yotakata. Anthu amati ngalandeyo inali njira ya magazi, koma si zoona. Wosula ankaiika kuti lupanga lipepuke popanda kufooka kwambiri. Lupanga la dzanja limodzi linkalemera kilogalamu imodzi mpaka imodzi ndi theka, osati katundu wolemera amene ena amaganiza. Aliyense amene anagwirapo chikwanje amadziwa kuti chitsulo chopyapyala ndi chotambalala chimalowa bwino potema, koma mukachikankha cham'nsonga pa chinthu cholimba chimapindika ndipo mphamvu imatayika. Lupanga lotere likamenya pa timphete silinkatidula kawirikawiri, ngakhale kuti fupa la m'kati linkatha kuthyoka, motero wankhondo wanzeru ankafuna malo osavala. Mafupa a anthu amene anaphedwa pa nkhondo ya ku Visby, pachilumba cha Gotland, mu 1361, amaonetsa mabala ambiri otemedwa m'miyendo, kumene chitetezo chinali chochepa.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1300, pamene anayamba kuwonjezera mapale achitsulo pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, mpaka pofika cha m'ma 1420 munthu ankatha kuvala chitsulo thupi lonse. Phale lokhota limatereretsa lupanga, ndipo kulitema n'kungowononga kuthwa kwa chida chako. Osula anayankha posula lupanga lotambalala kuchigwiriro koma lochepa pang'onopang'ono mpaka kunsonga yosongoka ngati zingano, ndipo m'malo mwa ngalande anakweza msana pakati mbali zonse ziwiri. Msana umenewu ndiwo mutu wa nkhani, chifukwa umaumitsa lupanga kuti lisapindike pobaya. Ewart Oakeshott, amene anagawa malupanga amenewa m'magulu, anaika lotema lija m'gulu X ndipo lobayali m'gulu XV. Mukaona chithunzi cha lupanga, yang'anani pakati pake musanayang'ane kutalika: ngalande yotakata ikukuuzani za kutema, msana ukukuuzani za kubaya. Panalinso malupanga ofuna kuchita zonse ziwiri, ndi ena otchedwa estoc amene analibe kuthwa m'mbali, ntchito yawo kubaya kokha.

Komatu ngakhale nsonga yotere sinkaboola phale la pachifuwa. Inkasaka mipata imene chovala chiyenera kusiya kuti munthu apinde thupi ndi kuona: m'khwapa, m'kati mwa chigongono, kuseri kwa bondo, m'mphechepeche, pachikhatho ndi potulukira maso pachisoti. M'malo ambiri otere munkakhala timphete, ndipo nsonga yopyapyala ikalowa m'kamphete kamodzi n'kukankhidwa ndi thupi lonse, inkatha kukatsegula.

Mabuku a aphunzitsi a luso lomenyana ndi lupanga monga Fiore dei Liberi, amene analemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndi Hans Talhoffer, amene buku lake lina ndi la mu 1467, amaonetsa mmene zinkachitikira. Dzanja lamanja limagwira chigwiriro, lamanzere limagwira pakati pa lupanga lenilenilo, ndipo chidacho chimasanduka mkondo waufupi wolunjika bwino. Munthu amakankhira pambali lupanga la mnzake, amalowetsa nsonga m'khwapa, kenako amatsamiritsa chigwiriro pathupi pake n'kukankha. Kugwira pakuthwa kumamveka koopsa, koma chitsulo chimacheka chikatsetsereka m'dzanja, ndipo munthu wogwira mothina, makamaka wovala chophimba m'manja, sachekeka msanga. Talhoffer amaonetsanso kutembenuza lupanga, kuligwira kunsonga ndi manja awiri, n'kumenya chisoti ndi chitsulo chopingasa cha pachigwiriro kapena chibulumwa cha kumapeto kwa chigwirirocho monga nyundo, kuti mdaniyo achite chizungulire.

Ine ndimaona kuti mafilimu amalakwitsa kwambiri pa udindo wa lupanga. Pokumana ndi munthu wovala chitsulo thupi lonse, chida choyamba chinali nkhwangwa yamtengo wautali, nyundo kapena chibonga, ndipo lupanga linali lapambali. Nthawi zambiri ndewu yotere inkathera m'kulimbana, wina n'kugwetsedwa pansi, ndipo womugwetsayo ankasolola mpeni wautali wosongoka n'kuulowetsa m'khwapa kapena potulukira maso.